Kwa inu akampani munandigulitsa firiji ya pangongole: chindapusa cha 20,638 chachokera kuti?

Ndalemba pano poyera chifukwa kumbaliko mwandikanika. Foni yanu yothandiza makasitomala imangolira ngati ya munthu wothawa ngongole, pomwe wangongole ndine, mameseji anga mumangowawerenga osayankha, ndiye sabata yathayi, kaya linali Lachitatu kaya Lachinayi, ndinapempha tchuthi kuntchito n'kubwera ndekha ku ofesi kwanu. Zimene ndinakumana nazo kumeneko ndi zimene zandilembetsa izi. Inu mukuwerenganu khalani mboni, makamaka amene muli ndi katundu wolipira pang'onopang'ono m'nyumba mwanu.

Ndiyambe ndi kuvomera zanga, musati ndikubisa. Firiji ndinatenga, mgwirizano unali wa miyezi 12, mwezi uliwonse 20,000, tsiku lolipira pa 5. Magawo asanu oyamba ndinalipira bwinobwino, ena tsiku lisanafike nkomwe, marisiti ndili nawo mu envulopu. Kenako ntchito inaima kaye, malipiro anasiya kubwera, ndipo ndinaphonya gawo la 6, la 7 ndi la 8. Miyezi itatu, 60,000. Sindikukana. Mwezi woyamba womwewo ndinakuimbirani kukudziwitsani, mtsikana amene anayankha anali waulemu ndithu, anati palibe vuto bambo mudzalipira zikakhala bwino, pamangokhala kachindapusa pang'ono. Mawu oti "kachindapusa" amenewo ndikuwakumbukira mpaka lero. Ka!

Tsiku logula, mnyamata wogulitsa uja anandiuza kuti ukachedwa pamakhala 1,500 ya kuchedwako kuphatikiza 5 peresenti. Ine m'mutu mwanga masamu anali osavuta. 5 peresenti ya 20,000 ndi 1,000, kuphatikiza 1,500 ndi 2,500 pa mwezi umodzi wophonya, miyezi itatu 7,500. Ntchito itayambiranso ndinadzimana, miyezi itatu yotsatizana ndinalipira pawiripawiri, 40,000, 40,000, 40,000, kuti 20,000 izikhala ya mwezi umenewo ndipo 20,000 inayo izikwirira dzenje la m'mbuyo. Nditamaliza ya chitatu ndinapuma mpweya wa pansi penipeni kuti ngongole yakale yatha, kwatsala chindapusa basi. Ndiye ndinanyamula 7,500 yanga kubwera nayo kuti titseke nkhani, ndidzangomaliza gawo la 12 firiji ikhale yanga.

Ndinafika m'mawa zitseko zikungotsegulidwa kumene, ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Makauntala atatu koma munthu mmodzi, enawo akuti ali pa mitingi. Itafika nthawi yanga, mayi anali pa kauntalayo sanadzutse ngakhale mutu, chala chili pa foni yawo, moni wanga anayankha ndi mphuno. Ndinapereka nambala ya akaunti, anagogoda pa kompyuta, n'kunena kuti "20,638". Ndinaganiza kuti awerenga akaunti ya munthu wina. Ndinati pepani mayi, mwina pasokonekera, ine ndabwera kudzalipira chindapusa cha miyezi itatu. Anati "ndanena 20,638, mulipira kapena muwapatse mpata anzanu?" Nditafunsa kuti yafika bwanji pamenepo, yankho linali loti ndi sisitimu imawerengera, iwo si sisitimu. Ndinapempha sitetimenti, anati pulinta ilibe inki. Ndiye anawonjezera, mokweza kuti benchi yonse imve, kuti "vuto lanu anthu inu mumasaina zinthu musanawerenge, katundu kumufuna koma kulipira ayi."

Abale. Munthu wamkulu ngati ine, nditalipira 120,000 m'miyezi itatu, ana kunyumba ataona kusintha kwa zinthu, kuuzidwa pagulu kuti sindifuna kulipira? Panali bambo wina pambuyo panga anangoyang'ana pansi chifukwa cha manyazi anga. Ndinapempha kuonana ndi a manijala, akuti atuluka. Abwera nthawi yanji? Sakudziwa. Zikomo kwambiri akampani, antchito mumawaphunzitsa bwino zedi, ulemu wake wochita kusefukira.

Sindinachoke. Ndinaima pambali mpaka mnyamata wina wa ku mitingi kuja atabwera, iyeyo ndiye anandimvera chisoni n'kutembenuza sikirini kuti ndijambule ndi foni. Ndinabwerera kunyumba 7,500 yanga ili m'thumba, tsiku lantchito litapita pachabe. Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi chithunzicho, pepala la mgwirizano, cholembera ndi kalikuleta ya pa foni, mpaka ndinaipeza njira imene sisitimu yanuyo imayenda. Poti inu munakana kundifotokozera, ndikufotokozerani ine, mundiuze pomwe ndalakwitsa.

Mwezi woyamba kuphonya tikugwirizana. 20,000 sinabwere, munaika 1,500 ndi 1,000 ya peresenti ija, zonse 22,500. Apa palibe mkangano.

Mwezi wachiwiri ndi pomwe ine ndi inu tinasiyana njira ine osadziwa. Ine ndimaganiza kuti gawo lililonse limalangidwa kamodzi n'kuthera pomwepo. Ayi ndithu. 5 peresenti ija mumaiwerengera pa mulu wonse wotsalira, mwezi ndi mwezi, malinga ngati muluwo ulipo. Ndiye munatenga 22,500 ija n'kuikapo 20,000 yatsopano, 42,500, 5 peresenti yake 2,125, kenako 1,500 ina, zonse 46,125. Mwezi wachitatu chimodzimodzi, 46,125 kuphatikiza 20,000 ndi 66,125, peresenti yake 3,306, ndi 1,500 inanso, kufika 70,931. Kutanthauza kuti pomwe ine ndimawerenga 7,500, buku lanu linali kale pa 10,931.

Kusiyana kumeneku kuli pawiri ndipo ndikufuna anthu akuone bwino. Mbali yaikulu ndi yoti gawo la 6 lija linalangidwa katatu, la 7 kawiri, la 8 kamodzi, chifukwa mwezi ukatha gawo lakale lisanalipidwe limamenyedwanso. Izi zinawonjezera 3,000. Ngakhale zikuwawa ndikhoza kuzimvetsa, ndalama yanu inakhalitsa kwa ine, chabwino. Koma mbali inayo ndi 431, yomwe ndi peresenti imene munaika pamwamba pa chindapusa chenichenicho. Chindapusa kubereka chindapusa chinzake. 431 ndi yochepa, wina anena kuti bambo inu mukulira chani, koma taganizani munthu amene waphonya miyezi isanu ndi itatu, kapena gawo lake ndi lalikulu kakhumi kuposa langa. Ndiponso ndawerenga pepala lanu kutsogolo ndi kuseri, tizilembo tating'ono tija mpaka maso kuwawa, palembedwa kuti 5 peresenti ya "ndalama zotsalira". Palibe pomwe mwalemba kuti chindapusa nachonso chimalowa m'gulu la ndalama zotsalira. Munangosankha nokha tanthauzo lokukomerani.

Koma zonsezi ndi zazing'ono. Chimene chandipweteka mtima kwenikweni ndi zimene munachita ndi ma 40,000 anga aja.

40,000 yoyamba ndinatumiza pa 5 pasanafike, ndikukumbukira chifukwa ndinachita kudzuka usiku kuopa kuiwala. Ine cholinga changa chinali choti gawo la 9 lilipidwe pa nthawi yake, yotsalayo ipite ku gawo la 6. Inu munayamba mwadya chindapusa chanu chonse, 10,931. Yotsala 29,069 munatseka nayo gawo la 6, ndipo 9,069 munaiponya ku gawo la 7. Gawo la 9, lomwe ine ndimati ndalipira nthawi yabwino, silinalandire ngakhale kakobiri. Tsiku litadutsa sisitimu yanu yanzeruyo inaona kuti gawo la 9 ndi losalipidwa, n'kundilemba kuti ndachedwanso. 1,500 ina. Peresenti pa 50,931 yotsala, 2,547. Mwezi umene ndinalipira kawiri ndi mwezi umene munandilipitsa 4,047, kungotsala pang'ono kufanana ndi mwezi wachitatu uja umene sindinalipire kalikonse. Zoona zimenezi?

Ndipo meseji imene inabwera pa foni inangoti talandira 40,000, zikomo. Basi. Osanena kuti ndalama yanu taigawa chonchi, osanena kuti mwezi uno tikukuwerengani wochedwa, osanena kuti mwatsala ndi zingati. Mukanandiuza tsiku limenelo ndikanathamanga kukabwereka kwa m'bale wanga n'kutseka dzenje lonse kamodzi. Munakhala chete chifukwa kukhala chete kwanuko kumakupindulirani.

Mwezi wotsatira nkhani yomweyo. 40,000 yalowa, inu mwayamba mwachotsa 4,047 yanu, yotsala mwatsekera zakale, gawo la 10 laima pamzere osafikiridwa, mwandilembanso wochedwa, 1,500 ndi peresenti ya 1,749, zonse 3,249. Mwezi winawo 40,000 yachitatu, mwachotsa 3,249, gawo la 11 lalandira 1,773 yokha, latsala ndi 18,227, ndiye 1,500 inanso ndi 911 ya peresenti, 2,411. Phatikizani 18,227 ndi 2,411, mupeza 20,638 ija mayi aja amandiponyera kumaso.

Tsopano taonani chodabwitsa. Mukaphatikiza zindapusa zonse za miyezi isanu ndi umodziyi, 10,931 ndi 4,047 ndi 3,249 ndi 2,411, zikukwana 20,638 yomweyo ndendende. Ndiye kuti ndalama ya firiji yeniyeniyo ya miyezi 11 ndinaipereka yonse, 220,000, palibe yotsala. Chimene mukundifunacho ndi chindapusa chokhachokha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma pa sikirini yanu sichikuoneka choncho, chifukwa munachivula malaya n'kuchiveka ena. Pakuoneka kuti chindapusa ndi 2,411 yokha, ndipo 18,227 ndi gawo la 11 limene ine "sindinalipire". Munthu wongoyang'ana pa kompyuta, ngati mayi aja, amaona kasitomala wosalipira. Ndipo poti tsopano yatchedwa gawo losalipidwa, ili ndi ufulu wobala 1,500 ina mwezi wa mawa.

Ndaphonya miyezi itatu, mwandilanga miyezi isanu ndi umodzi. 1,500 ija mwaitenga kasanu ndi kamodzi, 9,000, pomwe katatu konseko ndalama yanga inali italowa kale tsiku lisanakwane. Chindapusa chonse chaposa gawo lathunthu la mwezi, ngati kuti chaka chanu chili ndi miyezi 13. Akatapila amene timawanena aja bola, amakuuziratu pamaso kuti ubweza zakuti, sabisala kuseri kwa pulinta yopanda inki.

Ndikudziwa chimene muyankhe, chifukwa ndachipeza ndekha kuseri kwa pepala, mzere umodzi wonena kuti kampani idzagawa ndalama zolandiridwa monga ikuonera. Inde ndinasaina. Koma wogulitsa wanu anathera nthawi yaitali akundionetsa mashelefu a m'firiji ndi mmene chitseko chimatsekekera, za mzere umenewu sanatchule ngakhale kamodzi, anangoloza ndi chala kuti sainani apa, apa ndi apa. Ndipo ndimvetseni, kuyamba ndi ngongole yakale si chinthu chachilendo, obwereketsa ambiri amatero, sindikuti mwayambitsa ndinu. Vuto ndi kuphatikiza zinthu ziwirizi, kukankhira ndalama yonse m'mbuyo kenako n'kulipitsa 1,500 pa mwezi watsopano ngati kuti munthu sanabweretse kanthu. Mukatero munthu amene watsala ndi kangachepe kokha sangatulukemo, ngakhale azilipira mokhulupirika mwezi uliwonse, chifukwa kotsalako kamangosamukira kutsogolo n'kumakola chindapusa chatsopano. Ndayesa pa kalikuleta. Ndikalipira 20,000 ya gawo la 12 pa tsiku lake, 20,638 ija ikhalapobe, muikapo 1,032 ndi 1,500, ifika 23,170, firiji nditaimaliza kulipira yonse. Kumeneko ndiye kukama ng'ombe yowonda kale.

Inu muli ndi ngongole zotere, musadalire meseji ya zikomo ija ngati ine. Ngati munaphonyapo ngakhale mwezi umodzi, kafunseni kuti ndalama imene munalipira pambuyo pake inapita kuti, ku chindapusa, ku gawo lakale kapena ku gawo la mwezi umenewo. Mukaona chindapusa cha kuchedwa chikubwera m'mwezi umene munalipira nthawi yake, dziwani kuti mwalowa m'gudumu lomweli. Potulukira pake ndi pamodzi, kufunsa ndalama yonse yotsalira ya tsiku limenelo mpaka kakobiri komaliza n'kuilipira pamodzi ndi gawo la mweziwo tsiku lisanadutse. Ine palibe anandiuza, ndazidziwa mochedwa, ndi kalikuleta pakati pa usiku.

Tsono akampani, ine si munthu wokana mlandu. Ndawerengera mmene zikanakhalira mukanalemekeza zimene ndimalipira, ndipo ndagwiritsa ntchito malamulo anu omwe. Miyezi yophonya itatu, 1,500 katatu, 4,500. Peresenti pa magawo okhaokha osalipidwa, popanda kuika chindapusa pamwamba pa chinzake: pomwe mulu umakwera 1,000, 2,000, 3,000, pomwe umatsika 2,000 ndi 1,000, zonse 9,000. Pamodzi 13,500. Onani kuti sindikukakamira 7,500 yanga ija, pamenepo ndinalakwitsa masamu ndine ndipo ndavomera. 13,500 ndilipira, ngakhale mawa. Koma 7,138 yapamwambayo sindikuidziwa, ndipo sindilipira.

Dzulo kapena dzana munthu wanu wina anandiimbira, nambala yobisa, kundiuza kuti ndikapanda kulipira mubwera kudzatenga katundu ndipo dzina langa mulipereka kwa osunga mbiri ya angongole. Ha, ndiye kuti foni zanu zimagwira ntchito eti? Zimangofa ndikamaimba ine? Bwerani ndithu. Mudzapeza marisiti a 220,000 ali pa tebulo, ndipo mudzandifotokozere pamaso pa anthu kuti mukunyamula firiji ya 240,000 chifukwa cha chindapusa chimene ngakhale wantchito wanu sakutha kuchilongosola. Ndipo mukangoyerekeza kuipitsa dzina langa pa ndalama imene ndikuitsutsa, tikaonana kukhoti, ndalama ya loya ndikabwereka, ulendo uno ndikawerenga pepala lonse ndisanasaine. Kalata ya ku bungwe loteteza ogula ndalemba kale, yangotsala kuikamo chithunzi cha sikirini chija. Ndinali ndisanaganizepo za wailesi koma tsopano ndikuganiza.

Chimene ndikufuna si chovuta. Sitetimenti yosindikiza, yoonetsa tsiku lililonse limene ndalama yanga inalowa ndi komwe munaipititsa, inki mugule. Mundionetse mzere wa mu mgwirizano umene ukunena kuti chindapusa chimabala peresenti, ngati ulipo ndipepesa pompano pomwe ndalembapa. Muchotse 7,138, ndipo muimitse kuwerengera kulikonse pa akaunti yanga mpaka nkhaniyi ithe, osati ine ndikudikira yankho lanu uku sisitimu ikupitiriza kudya. Za mayi a pa kauntala aja sindikuti muwachotse ntchito, nawonso ali ndi ana, koma wina awauze kuti munthu wobwera ndi ndalama m'manja kudzafunsa funso si wakuba. Kupepesa kwawo ndikufuna kukumva ndi makutu anga.

Ndipo chonde musandiyankhe ndi kameseji kanu kaja koti pepani chifukwa cha zovutazi titumizireni nambala yanu kumbali. Nambala yanga muli nayo, munaimbapo dzana pondiopseza. Yankhani pompano pomwe anthu akuona, kuti 7,138 mukuchotsa kapena simukuchotsa. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndiye ine ndibweranso ku ofesi kwanuko pa 5 pasanafike, nditanyamula 33,500, ya gawo la 12 ndi chindapusa chimene ndikuchivomera. A manijala tsiku limenelo asatuluke.